Zonse pamodzi ndi zingati? Kulembanso mndandanda wa mitengo mosabisa kanthu

Wogula tomato pamsika amaona mulu, amamva mtengo, n'kusankha pomwepo. Koma wofuna intaneti ya panyumba, sola yolipira pang'onopang'ono kapena inshulansi ya maliro alibe mulu woti auone. Chimene ali nacho ndi mndandanda wa mapulani ndi mitengo yake, kaya uli pachipepala cha pakhoma, pakapepala ka ejenti, kapena pachithunzi chimene mnzake wamutumizira pafoni. Chilichonse chimene akudziwa pa zimene akugulazo chikuchokera pamenepo. Mndandanda ukasokoneza, munthu amasankha mwachimbulimbuli. Ukabisa kanthu, amasankha zimene sakanasankha.

Mindandanda yambiri yovuta kuwerenga siinalembedwe ndi akuba. Inakula pang'onopang'ono. Mwini bizinesi anayamba ndi pulani imodzi, kenako anawonjezera yachiwiri chifukwa opikisana naye ali nayo. Wosunga ndalama anati pasalembedwe msonkho, popeza iye amawerengera payekha. Wotsatsa malonda anaika mtengo wochotsera pamwamba ndi zilembo zikuluzikulu. Tsiku lina kasitomala atadandaula, wina anawonjezera kanyenyezi ndi timalemba ting'onoting'ono m'munsi. Pofika chaka chachitatu, ngakhale ogwira ntchito pakampanipo sayankha chimodzimodzi akafunsidwa mtengo.

Kukonza mndandanda wotere si nkhani yosintha mitundu ya utoto kapena kupeza mawu okoma. Ndi ntchito ya masamu ndi chilungamo, ndipo ili ndi lamulo limodzi lalikulu: chilichonse chimene chisintha ndalama zimene munthu adzatulutse, kapena chisintha zimene adzalandire, chikhale pambali penipeni pa mtengo, m'zilembo zowerengeka, ndiponso pamalo omwewo pa pulani iliyonse. Kuti lamuloli lioneke bwino, tiyeni tiligwiritse ntchito pa chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto.

Mndandanda wakale

Tiyerekeze kampani yaing'ono yolumikiza intaneti m'nyumba za anthu m'tauni. Kampaniyi ndi yongoyerekeza, ndipo mitengo yake ndi yophunzirirapo chabe, koma kalembedwe kake aliyense amene anagulapo intaneti akazindikira. Ili ndi mapulani atatu.

Pulani ya Siliva yalembedwa kuti "kuyambira K25,000 pamwezi, intaneti yothamanga", ndipo pamapeto pali kanyenyezi. Ya Golide yalembedwa kuti "K40,000, yopanda malire", ndi tinyenyezi tiwiri. Ya Dayamondi yalembedwa kuti "K135,000 pa miyezi itatu, liwiro mpaka 20 Mbps, rauta yaulere".

M'munsi mwenimweni, m'timalemba tofuna magalasi, muli zotsalazo. Mitengo yonse ilibe msonkho wa VAT. Mtengo wa Siliva ndi wa miyezi itatu yoyamba yokha, kenako umakwera kufika pa K32,000, ndipo deta yake ndi 50 GB basi. Kulumikiza ndi K30,000 pa pulani iliyonse. Rauta ndi K60,000 kwa a Siliva ndi a Golide. Pa Golide, munthu akamaliza 100 GB liwiro limatsika kufika pa 1 Mbps. Pa Dayamondi malire ake ndi 200 GB, ndipo wolembetsa amamangidwa pa mgwirizano wa miyezi 12. Akachoka nthawi isanakwane, alipira rautayo.

Palibe bodza lenileni m'mawu onsewa, koma onani ntchito imene apatsidwa mayi amene akufuna intaneti yoti ana ake azichitira za kusukulu. Pulani yoyamba yatchula mtengo wa pamwezi, yachitatu wa miyezi itatu. Imodzi ikukamba za deta, ina za liwiro, inayo ikungoti "yothamanga". Mayiyo akaona K25,000 amakonza K25,000. Tsiku lolumikiza amauzidwa kuti zofunika ndi zoposa K130,000. Akakwiya, ejenti amaloza timalemba tija n'kunena kuti zonse zinalembedwa. Ena amawonjezera mwambi woti safunsa anadya phula. Koma mwambiwo apa sukugwira, chifukwa munthu safunsa za chinthu chimene sakudziwa kuti chilipo, pomwe wogulitsa amachidziwa bwino lomwe.

Yambani ndi ndalama, osati mawu

Poyambira penipeni si pa mndandandawo ayi, koma pa malisiti. Tengani malisiti a makasitomala enieni pa pulani iliyonse, kuyambira tsiku limene analembetsa mpaka chaka chitatha, ndipo lembani ndalama iliyonse imene inatuluka m'thumba mwawo. Chimene chili pa lisiti koma palibe pa mndandanda, chimenecho ndiye chobisika chija. Funsaninso amene amayankha mafoni ndi maejenti kuti ndi mafunso ati amene amabwera tsiku ndi tsiku, chifukwa funso lobwerezabwereza limaloza pamene mndandanda uli chete.

Mukatero muwerengere manambala atatu pa pulani iliyonse: ndalama za tsiku loyamba, ndalama za mwezi uliwonse kuchotsera kukatha, ndi ndalama zonse za chaka choyamba. Onse atatuwo akhale ndi msonkho kale. Pa chitsanzo chathu tiwerengera VAT pa 16.5 peresenti, mlingo umene msonkhowu unakhalapo kwa zaka zambiri m'Malawi. Wolemba mndandanda weniweni agwiritse ntchito mlingo wa tsiku limene akulembalo.

Tiyambe ndi Siliva. K25,000 ija ikalowa msonkho imakhala K29,125. Kulumikiza kumafika pa K34,950, ndipo rauta pa K69,900. Kuphatikiza zitatuzi, tsiku loyamba mayi aja atulutsa K133,975. Kuyambira mwezi wachinayi azilipira K37,280. Nambala imeneyi ndiyo mtengo weniweni wa Siliva, chifukwa ndi imene azilipira miyezi 9 mwa miyezi 12 ya chaka choyamba, ndiponso miyezi yonse ya zaka zotsatira. Ndi imeneyi yoyenera kulembedwa ndi zilembo zikuluzikulu. Kuchotserako ndi chinthu chabwino, ndipo kulembedwe ndithu, koma pansi pa mtengo weniweni, ndi tsiku kapena mwezi umene kutha.

Chodabwitsa chimatulukira tikawerengera mapulani awiri enawo. Golide ndi K46,600 pamwezi. Pa miyezi 12, kuphatikizapo kulumikiza ndi rauta, zimakwana K664,050. Dayamondi ndi K157,275 pa miyezi itatu, kutanthauza K52,425 pamwezi. Pa chaka chonse, kuphatikizapo kulumikiza, zimakwananso K664,050. Ndalama ndi zomwezo ndendende. Choncho rauta "yaulere" ija si yaulere: mtengo wake wangogawidwa m'miyezi 12. Komanso tikuona kuti m'chaka choyamba Dayamondi ikupereka deta yochuluka kawiri pa ndalama zomwezo, chinthu chimene mndandanda wakale sunaonetse n'komwe. Nambala ya K135,000 itakhala pambali pa K40,000 inkangothamangitsa anthu. Chisokonezo chinkapweteka mwini bizinesi yemwe.

Mafunso amodzimodzi kwa pulani iliyonse

Munthu amatha kuyerekeza zinthu pokhapokha zikayezedwa ndi muyeso umodzi. N'chifukwa chake mndandanda wabwino umamangidwa ngati tebulo: mapulani pamwamba, mafunso cha kumanzere, ndipo pulani iliyonse iyankhe funso lililonse. Pasakhale danga lopanda kanthu. Ngati pulani ilibe chinthu, palembedwe kuti "palibe". Danga losiyidwa limawerengedwa mosiyanasiyana: wina amati chinthucho chilipo, wina amati palibe.

Mndandanda wathu ukalembedwanso ungaoneke chonchi:

| | Pulani ya 50 GB | Pulani ya 100 GB | Pulani ya 200 GB |
|---|---|---|---|
| Mtengo wa pamwezi, msonkho ulimo | K37,280 | K46,600 | K52,425 |
| Kuchotsera | K29,125 miyezi itatu yoyamba | Palibe | Palibe |
| Kalipiridwe | Mwezi ndi mwezi | Mwezi ndi mwezi | K157,275 miyezi itatu iliyonse |
| Zolipira tsiku loyamba | K133,975 | K151,450 | K192,225 |
| Zonse za chaka choyamba | K527,745 | K664,050 | K664,050 |
| Deta ikatha | Intaneti imaima | Liwiro limatsika kufika pa 1 Mbps | Liwiro limatsika kufika pa 2 Mbps |
| Mukafuna kusiya | Nthawi iliyonse, kwaulere | Nthawi iliyonse, kwaulere | Miyezi 12 isanakwane mulipira rauta, K69,900 |

Onani kuti mayina asintha. Siliva, Golide ndi Dayamondi ndi mayina ongonena kuti iyi ndi yapamwamba kuposa iyo, ndipo amachititsa manyazi wosankha yotsika mtengo. Dzina lonena kuchuluka kwa deta limagwira ntchito ngakhale pafoni: kasitomala akati "ndili pa ya 100 GB", woyankha foni ndi kasitomalayo akumvana kale.

Onaninso kuti mizere ndi yowerengeka. Chiyeso chimene chimabwera pomanga tebulo ndi chofuna kuikamo chilichonse, mpaka mizere 20 yodzaza ndi timachongi tosonyeza kuti pulani iliyonse ili ndi zakutizakuti. Zimene mapulani onse ali nazo mofanana zisalowe m'tebulo. Zilembedwe kamodzi pamwamba, mwachitsanzo kuti "mapulani onse: kulumikiza K34,950, thandizo pafoni tsiku lililonse". M'tebulo mutsale zosiyanitsa zokha, chifukwa ndi zimene munthu akufuna kuti asankhe.

Manambala ena amafuna womasulira. Anthu ambiri sadziwa kuti 50 GB ndi yochuluka bwanji, ndipo si mlandu wawo. Chiganizo chimodzi chokwanira chingathandize: kuonera kanema wooneka bwino pang'ono kumadya pafupifupi 1 GB pa ola, ndipo kanema wowala kwambiri amatha kudya mpaka 3 GB pa ola. Banja loonera maola awiri tsiku lililonse likhoza kudziwerengera lokha kuti 50 GB siifika kumapeto kwa mwezi. Mutha kuwonjezeranso mtengo wa 1 GB pa pulani iliyonse, umene pa chitsanzo chathu uli pafupifupi K746, K466 ndi K262. Pamenepo aliyense aona kuti pulani yotsika mtengo pamwezi ndiyo yokwera mtengo pa deta, ndipo asankha akudziwa.

Mawu anayi oyenera kuwakayikira

Pali mawu ena amene akapezeka pa mndandanda, pafupifupi nthawi zonse kumbuyo kwake kwabisala mfundo ya mgwirizano. Wolembanso mndandanda awasake limodzilimodzi.

Oyamba ndi "yopanda malire". Ngati liwiro limatsika munthu akafika pa 100 GB, malire alipo. Pa 1 Mbps mauthenga a WhatsApp amayendabe, koma m'nyumba ya mafoni anayi kanema amangoima-ima, ndipo msonkhano wa pakanema umaduka. Kwa amene amagwirira ntchito kunyumba, zimenezo n'chimodzimodzi kuzimitsidwa. Nkhani imeneyi inafika mpaka kukhoti ku Amereka. Mu 2014 bungwe la boma loteteza ogula la Federal Trade Commission linasumira kampani ya mafoni ya AT&T chifukwa chochepetsa liwiro kwa makasitomala amene anagula deta yotchedwa yopanda malire osawafotokozera mokwanira, ndipo mu 2019 kampaniyo inavomera kulipira madola 60 miliyoni. Kuchepetsa liwiro pakokha si tchimo, popeza kampani iyenera kuteteza netiweki kuti anthu ochepa asaidye okha. Cholakwika ndi kutchula chinthu dzina limene sichili. Lembani kuti "100 GB pa liwiro lonse, kenako 1 Mbps mpaka mwezi utha".

Achiwiri ndi "mpaka", monga mu "mpaka 20 Mbps". Liwiro la 2 Mbps nalonso lili m'kati mwa "mpaka 20", ndiye mawuwa salonjeza kanthu. Liwiro lapamwambalo limapezeka pakati pa usiku anthu atagona, pomwe makasitomala amafuna intaneti madzulo, onse nthawi imodzi. Ku Britain anaona vutoli, ndipo kuyambira mu Meyi 2018 otsatsa intaneti ya panyumba amayenera kutchula liwiro limene makasitomala osachepera theka amalipeza pa nthawi yotanganidwa ya madzulo. Kampani yaing'ono ikhoza kuchita chimodzimodzi popanda wouikakamiza: iyeze liwiro m'nyumba zingapo za makasitomala madzulo, kwa masabata angapo, m'madera osiyanasiyana, ndipo ilembe lapakatikati. Nambalayo idzakhala yocheperapo, koma ndi imene kasitomala adzaiona yekha akadzayeza pafoni pake.

Achitatu ndi "kuyambira". Mawuwa ndi oona pokhapokha ngati pali munthu amene angalipiredi ndalama zimenezo n'kulandira chinthucho popanda kuwonjezera kalikonse. Pa chitsanzo chathu palibe ndi mmodzi yemwe amene akanalipira K25,000, chifukwa msonkho sungakanidwe ndipo popanda rauta intaneti siigwira. Kaonetsedwe ka mtengo wochepa poyamba, ndalama zina n'kumatulukira pang'onopang'ono munthu atalowa kale, mayiko ena anakaletsa ndi lamulo. Ku Britain, lamulo la 2024 lotchedwa Digital Markets, Competition and Consumers Act limafuna kuti ndalama zonse zosapeweka zikhale m'kati mwa mtengo umene munthu amauona poyamba. Muyeso wake ndi wosavuta, ndipo ungagwire kulikonse: ngati kasitomala sangathe kuikana ndalamayo, ilowe mu mtengo.

Achinayi ndi "yaulere". Taona kale kuti rauta ija ikulipiridwa pamwezi. Palinso funso lina limene mndandanda wakale sunayankhe: chaka chikatha, rautayo ndi ya ndani? Ngati ndi ya kampani, ndiye yobwereka, ndipo palembedwe chomwecho, pamodzi ndi zolipira ikaonongeka ndi mphenzi kapena magetsi akabwera mwamphamvu. Ngati ndi ya kasitomala, atchule mwezi umene imakhala yake.

Mfundo ikhale pamene diso lili

Eni mabizinesi ambiri amadziteteza ndi mawu oti "zonse tinalemba". Koma malo amene chinthu chalembedwa ndi mbali ya chilungamo chake. Taganizirani m'mene mitengo imayendera masiku ano. Wina amajambula chipepala cha pakhoma ndi foni, n'kudula chithunzicho kuti manambala aoneke bwino, n'kuchiponya pagulu la WhatsApp la anthu a m'dera. Mbali imene imadulidwa ndi ya m'munsi, kumene kuli timalemba tija. Chithunzicho chimazungulira miyezi, chikulonjeza zimene kampani sinalonjeze. Mfundo ikakhala m'danga limodzi ndi mtengo, ngakhale chithunzi chidulidwe, ziwirizo zimayendera limodzi. Pa chifukwa chomwecho, tsiku limene mitengoyo inayamba kugwira ntchito lilembedwe pamwamba, pafupi ndi dzina la kampani.

Si mfundo iliyonse imene iyenera kukwera pamwamba. Mgwirizano wathunthu uli ndi malo ake, ndipo zambiri za mmenemo, monga khoti limene lingaweruze mkangano, zingakhale komweko. Zokwera pamwamba ndi zimene munthu akanazidziwa akanasintha maganizo. Pa intaneti, zimenezi ndi monga zotsatirazi. Kodi "mwezi" ndi masiku 30 kuchokera tsiku lolipira, kapena umatha pakutha pa mwezi wa pakalendala ngakhale munthu walipira pa 20? Kodi deta yotsala imapita ku mwezi wotsatira kapena imapsa? Ngati mbali ina ya deta ndi ya usiku, usikuwo umayamba ndi kutha nthawi yanji? Kodi kampani imadzidulira yokha ndalama mwezi ukatha, ndipo munthu angaimitse bwanji? Ku South Africa, bungwe loyang'anira zamtokoma la ICASA linakhazikitsa malamulo amene anayamba kugwira ntchito mu 2019, olamula makampani a mafoni kudziwitsa kasitomala akamaliza 50, 80 ndi 100 peresenti ya deta yake, kumupatsa mwayi wosamutsira deta yotsala ku nthawi yotsatira, ndi kusamudula mayunitsi bando ikatha iye asanavomere. Madandaulo amene anabala malamulo amenewo ndi omwe timawamva kunonso, ndipo akusonyeza mafunso amene mndandanda uyenera kuyankhiratu.

Kalembedwe ka mfundozo nakonso kakhale ka munthu wolankhula ndi munthu mnzake. Chiganizo choti "malamulo ena akhoza kugwira ntchito" sichiuza aliyense kanthu. Chiganizo choti "mukasiya miyezi 12 isanakwane, mulipira K69,900 ya rauta" chili ndi wochita, nthawi ndi ndalama. Ndipo ngati makasitomala anu amalankhula Chichewa, musalembe mtengo ndi mawu okopa m'Chichewa, mfundo zovuta n'kuzisiya m'Chingerezi cha maloya. Kutero ndi kubisa komwe, kungoti kwavala tayi.

Mitengo ikadzakwera

Wochita bizinesi m'Malawi ali ndi nkhawa yomveka: ndingalonjeze bwanji mtengo wa chaka chonse pamene zipangizo ndimagula ndi ndalama zakunja? Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Kampani imene inagula marauta ndi madola inamva kuwawa sabata yomweyo. N'chifukwa chake ambiri amalemba kuti "mitengo ikhoza kusintha nthawi iliyonse popanda chidziwitso".

Chiganizo chimenechi chikakumana ndi mgwirizano wa miyezi 12 chimakhala msampha, popeza kasitomala wamangidwa koma kampani sinamangidwe. Njira yachilungamo ilipo, ndipo siifuna kuti mwini bizinesi alose zam'tsogolo. Akhoza kulonjeza kuti mtengo sudzasintha pa nthawi imene kasitomala walipira kale. Akhoza kulonjeza chidziwitso cha masiku 30 mtengo usanakwere. Chachikulu koposa, akhoza kulola kuti mtengo ukakwera m'kati mwa mgwirizano, kasitomala achoke popanda chindapusa. Ku Britain, bungwe la Ofcom linalamula kuti kuyambira mu Januwale 2025, kukwera kulikonse kwa mtengo m'kati mwa mgwirizano watsopano wa foni kapena intaneti kutchulidwe pasadakhale m'ndalama zenizeni, osati m'maperesenti odalira kukwera mitengo kwa zinthu kumene palibe akukudziwa. Kwathu kuno mwina simungatchule nambala ya chaka chamawa, koma mungathe kutchula zimene mudzachite ndi ufulu umene kasitomala adzakhale nawo.

Tisaiwalenso kuti nkhaniyi si ya chifundo chokha. Malamulo a dziko lino a mpikisano ndi chilungamo pa malonda amaletsa kusocheretsa ogula pa mtengo kapena pa ubwino wa katundu, ndipo bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a mtundu umenewu. Pa za mafoni ndi intaneti palinso MACRA. Kasitomala wosunga chithunzi cha mndandanda ndi lisiti lake ali ndi umboni wokwanira.

Kuyesa mndandanda watsopano

Wolemba mndandanda sangauyese yekha, chifukwa mayankho onse ali kale m'mutu mwake. Pezani anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi osagwira ntchito pakampanipo, a misinkhu ndi maphunziro osiyana, ndipo muwaonetse mndandandawo pafoni yaing'ono, osati pakompyuta ya mu ofesi. Musawafunse ngati ukuoneka bwino, chifukwa aliyense adzavomera mwaulemu. Apatseni ntchito. Mukasankha ya 100 GB, mubwere ndi ndalama zingati lero? Mwezi wachinayi mulipira zingati pa ya 50 GB? Deta ikatha pa 20, chichitike n'chiyani? Mukasamukira ku Mzuzu mwezi wachisanu, kusiya kukudyerani zingati? Khalani chete, muone pamene chala chawo chikuzungulira. Anthu awiri akalakwitsa funso limodzi, vuto lili pa mzere umenewo, osati pa anthuwo.

Mndandanda ukatuluka, zizindikiro zake zimaoneka m'malo atatu. Mafoni ofunsa mtengo ayenera kuchepa. Mikangano ya tsiku lolumikiza, pamene amisiri afika ndi makwerero koma mwini nyumba alibe ndalama zokwanira, iyenera kutha. Ndipo osiya m'mwezi wachinayi, kuchotsera kukangotha, ayenera kuchepa. N'zotheka ndithu kuti olembetsa atsopano achepe poyamba, popeza K37,280 siikopa ngati K25,000. Mwini bizinesi asathamangire kubweza zakale. Awerengere amene atsala pakatha miyezi isanu ndi umodzi, chifukwa kasitomala wolembetsa n'kuchoka mokwiya wadya nthawi ya amisiri, mafuta a galimoto ndi mbiri ya kampani m'dera lonse. Komanso maejenti, chipepala cha pakhoma ndi woyankha foni onse asinthe tsiku limodzi. Mndandanda woona umagwa ngati ejenti akulonjezabe pakamwa zimene zinachotsedwa.

Ntchitoyi ili ndi phindu lina limene limaonekera pakati pa kulemba. Mfundo zina zikatuluka m'timalemba ting'onoting'ono n'kukhala pambali pa mtengo, mwini bizinesi yemwe amaziona kuti n'zolemera. Pa tebulo lathu, mzere womaliza ukunena kuti wochoka m'mwezi wa 11 alipira rauta yonse, K69,900, chikhalirecho walipira kale pafupifupi mtengo wonsewo kudzera m'ndalama za pamwezi. Palibe kalembedwe kamene kangakometse zimenezo. Chofunika kusintha ndi mfundoyo: chindapusa chizitsika ndi K5,825 mwezi uliwonse, kuti wochoka pakati pa chaka alipire theka, ndipo wochoka utatsala mwezi umodzi alipire K5,825 yokha. Mfundo imene mukuchita nayo manyazi kuilemba poyera musaifunire malo obisika. Ikonzeni mpaka ifike poti mungathe kuiwerengera kasitomala mokweza, iye akumva, asanasaine.